Mavoliti, maampeya, maomu ndi mawati: chifukwa chake waya amapsa m'nyumba ndi m'shopu

Chidziwitso ichi chikupita kwa eni nyumba, alimi, amalonda, akalipentala ndi owotcherera zitsulo a ku Bembeke ndi madera ena a m'boma la Dedza amene ali ndi magetsi kapena akukonzekera kulowetsa magetsi m'nyumba ndi m'malo awo a ntchito. Cholinga chake ndi kumasulira mawu anayi amene amapezeka m'buku lililonse la kayalidwe ka mawaya ndiponso pa chipangizo chilichonse chamagetsi, kuti munthu azitha kuwerengera yekha ngati waya amene ali naye angapirire katundu amene akufuna kumusenzetsa.

Vuto limayambira pa chilankhulo. M'Chichewa cha tsiku ndi tsiku timangoti "mphamvu ya magetsi" kapena "moto". Babu likamawala mofooka timati moto wachepa. Mayunitsi akatha msanga timati chipangizo chikudya moto. Waya akasungunuka timati moto unachuluka. Koma zitatuzi ndi zinthu zosiyana, ndipo womasulira buku akazitchula zonse ndi mawu amodzi, wowerenga sangadziwe chifukwa chake waya amapsa tsiku limene magetsi a ESCOM abwera monga mwa masiku onse. Choncho pano tisunga mawu amene amisiri amagwiritsa ntchito, kenako lililonse tilipatsa tanthauzo lake lokhazikika.

Zinthu zinayi, mawu anayi

Mlimi wa mbatata ya kachewere amene amathirira dimba lake ndi paipi yochokera ku kasupe wa m'phiri akudziwa kale zambiri za nkhaniyi. Kasupe akakhala pamwamba kwambiri, madzi amakankhidwa mwamphamvu m'paipi. Kukankha kumeneku, pa magetsi, ndiko voliteji. Imayezedwa m'mavoliti ndipo chizindikiro chake ndi V. Magetsi a ESCOM a m'nyumba amayenera kufika pa mavoliti 230. Batire la galimoto kapena la sola lili ndi mavoliti 12. Voliteji imakhalapo ngakhale pamene palibe chikuyenda, monga momwe madzi amakankhirabe pa mpopi wotseka. Soketi imene simunalumikizepo kanthu ili ndi mavoliti ake onse 230, ikungodikira.

Kuchuluka kwa madzi amene akudutsa m'paipi pa kanthawi kalikonse, pa magetsi ndiko karenti. Imayezedwa m'maampeya. Pa chipangizo mudzaona chizindikiro A, koma m'masamu karenti amailemba I. ESCOM sisankha karenti ya m'nyumba mwanu ayi. Imene imayenda ndi imene zipangizo zanu zakoka. Mukazimitsa zonse, karenti palibe. Mukayatsa ketulo, maampeya amayamba kuyenda.

Paipi yopapatiza, yaitali kapena yodzaza matope imakaniza madzi. Kukaniza kumeneku ndiko rezisitansi, imene imayezedwa m'maomu. Chizindikiro chake ndi Ω, ndipo m'masamu ndi R. Chinthu chilichonse chimene magetsi amadutsamo chimakaniza pang'ono kapena kwambiri: waya wa kopa amakaniza pang'ono, pulasitiki womukuta amakaniza kotheratu, thupi la munthu lili pakati. Waya akatalika kukaniza kumachuluka, akanenepa kumachepa.

Chachinayi ndi liwiro limene ntchito ikugwirikira, kaya ndi kutenthetsa madzi, kuzunguza mota kapena kuwalitsa babu. Ichi chokha ndicho tizichitcha mphamvu, ndipo chimayezedwa m'mawati. Pa chipangizo ndi W, m'masamu ndi P. Mawati 1,000 ndi kilowati imodzi, imene imalembedwa kW.

Mayina onsewa ndi a anthu. Voliti inatengedwa kwa Alessandro Volta wa ku Italy amene anapanga batire loyamba mu 1800, ampeya kwa André-Marie Ampère wa ku France, wati kwa James Watt wa ku Scotland, ndipo omu kwa Georg Ohm wa ku Germany, amene mu 1827 anasindikiza lamulo lomanga pamodzi zitatu zoyambirirazo. Lamulo lakelo, pamodzi ndi la mphamvu, ndi awa:

```
V = I × R
P = V × I
```

Loyamba likuti voliteji ndi karenti kuchulukitsa ndi kukaniza. Lachiwiri likuti mphamvu ndi voliteji kuchulukitsa ndi karenti. Masamu onse a m'chidziwitso chino akuchokera pa mizere iwiri imeneyi.

Fanizo la paipi lili ndi malire ake, ndipo mpofunika kuwadziwa. Paipi ikaduka madzi amatayika, pamene waya akaduka karenti imangoima, chifukwa magetsi amayenda pokhapokha pali njira yopita ndi yobwerera. N'chifukwa chake chingwe chimakhala ndi waya wamoto ndi waya wobwerera. M'zingwe zatsopano wamoto ndi wofiirira ngati dothi ndipo wobwerera ndi wabuluu. M'nyumba zakale mudzapeza wofiira ndi wakuda. Karenti imene yapita ndi yomweyo imabwerera, siithera m'chipangizo. Chimene chimatsala m'chipangizo ndi mphamvu.

Soketi imodzi m'mwezi wa Julaye

Ku Bembeke kumazizira, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julaye banja limene lili ndi magetsi limayatsa zinthu zotentha nthawi imodzi. Tiyerekeze kuti m'chipinda chochezera muli soketi imodzi yokha, ndipo pa soketiyo alumikizapo ekisitenshoni ya mabowo anayi. Madzulo ayatsa hita ya mawati 2,000, ketulo ya mawati 2,000 ndi mbaula yamagetsi ya mawati 1,500.

Kuti mudziwe karenti, gawani mawati ndi mavoliti. Hita ikukoka 2,000 kugawa ndi 230, amene ndi maampeya 8.7. Ketulo chimodzimodzi. Mbaula ikukoka maampeya 6.5. Zonse pamodzi ndi maampeya pafupifupi 24, ndipo onsewo akudutsa m'kachingwe kamodzi ka ekisitenshoni ndi m'pulagi imodzi. Tembenuzani pulagi ya mano atatu imene timagwiritsa ntchito m'dziko muno ndipo mudzaona palembedwa 13A. Amenewo ndiwo malire ake. Pa mavoliti 230, maampeya 13 ndi mawati pafupifupi 3,000. Hita yokha ikukwana. Hita ndi ketulo pamodzi zapyola kale.

Onani kuti voliteji sinasinthe. Wina atayeza pa soketiyo apeza mavoliti ali bwino, ndipo mwini nyumba atha kulumbira kuti magetsi sanachuluke. Akunena zoona. Chimene chachuluka ndi karenti, ndipo chimene chimatenthetsa waya ndi karenti. Mukaphatikiza malamulo awiri aja mumapeza lachitatu, la kutentha kumene kumatsala m'waya:

```
P = I × I × R
```

Karenti ikuwerengedwa kawiri. Tanthauzo lake ndi lakuti mukawirikiza karenti kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Mukaiwirikiza katatu, kumawirikiza kasanu ndi kanayi. Pa maampeya 24, chingwe chimene chinapangidwira 13 chikutentha kupitirira katatu mlingo umene pulasitiki wake angapirire. Sichiyaka tsiku loyamba. Pulasitiki amayamba kufewa, kenako amauma n'kung'aluka, mpaka tsiku lina waya wamoto akhudzana ndi wobwerera pansi pa mkeka kapena kuseri kwa mpando.

M'pulagi yabwino muli fyuzi ya maampeya 13 imene ntchito yake ndi kupsa chingwe chisanapse. Fyuzi ikapsa, yagwira ntchito yake. Chizolowezi chokulunga fyuzi yakupsa ndi kapepala konyezimira, kuikapo kawaya, kapena kuchotseratu pulagi n'kulowetsa mawaya osenda m'soketi mothandizidwa ndi kamtengo, n'kuchotsa mlonda pakhomo chifukwa choti wakuwa. Ndipo musadalire buleka ya pa bolodi kuti ikupulumutsani apa. Masoketi ambiri amatetezedwa ndi buleka ya maampeya 20 kapena 32. Ya 32 siona cholakwika chilichonse pa maampeya 24, chifukwa inaikidwa kuteteza waya wonenepa wa m'khoma, osati kachingwe kanu kogula pamsika.

Pamene tili pa hita, tinenepo za mayunitsi, chifukwa nawonso amasokonezedwa ndi mawati. Yuniti imodzi ndi mawati 1,000 ogwira ntchito ola limodzi, ndipo pa mita imalembedwa kWh. Hita ija ikayaka maola asanu usiku uliwonse imadya mayunitsi 10, ndiye kuti 300 pamwezi. Babu losunga magetsi la mawati 9 loyaka maola omwewo limadya yuniti imodzi ndi theka yosakwana pamwezi wonse. Banja limene likufuna kuti mayunitsi azikhalitsa liyang'ane zinthu zotentha, osati kulimbana ndi ana chifukwa cha babu la pakhonde.

Shopu ya kuseri kwa nyumba

Nkhani ya waya wautali ndiyo imavutitsa amisiri ambiri, ndipo tiiwerengera mofatsa. Kalipentala wamanga shedi pa mtunda wa mamita 60 kuchokera pa nyumba pamene pali mita. Wagula chingwe cha 1.5 chifukwa ndicho chotsika mtengo. Manambala amenewa, 1.5, 2.5, 4 ndi 6, amene ogulitsa amatchula, ndi kukula kwa nkhope ya kopa mukamudula, ndipo pa chingwe amalembedwa mm². Sakunena za kunenepa kwa pulasitiki wakunja.

Waya wa kopa wa 1.5 amakaniza pafupifupi maomu 0.012 pa mita iliyonse. Popeza karenti imapita n'kubwerera, mtunda wa mamita 60 ndi waya wa mamita 120. Kuchulukitsa 120 ndi 0.012 kukupereka pafupifupi omu imodzi ndi theka. Nambala imeneyi ikuoneka yaing'ono, ndipo pa babu ndi wailesi ndi yaing'onodi: karenti ikakhala theka la ampeya, m'njira mukutayika voliti yosakwana imodzi. N'chifukwa chake tsiku lolumikiza zonse zimaoneka zabwino. Babu likuwala, mwini shopu wakondwa.

Tsopano ayatsa makina opalira matabwa amene pa kachitsulo kake palembedwa 10A. Lamulo la Ohm likuti mavoliti otsala m'chingwe ndi 10 kuchulukitsa ndi 1.5, amene ndi 15. Makinawo akulandira 215 m'malo mwa 230. Mnzake akayatsa girainda, karenti yonse n'kufika pa maampeya 16, mavoliti otayika amakhala 24, ndipo mphamvu yotsala m'chingwe ndi 16 kuchulukitsa ndi 24, mawati oposa 380. Mawati amenewa adutsa pa mita ndipo alipiridwa, koma ntchito yawo ndi kufunditsa chingwe m'nthaka kapena pa mitengo imene chapachikidwa. Pa maola asanu ndi atatu a ntchito ndi mayunitsi atatu patsiku opita pachabe.

Zimenezi tawerengera ngati pa mita pali mavoliti 230 enieni. Amene ali kumapeto kwa nthambo, kutali ndi thiransifoma, amadziwa kuti madzulo, aliyense akamaphika, voliteji imatsika, pa chifukwa chomwechi: nthambo za mumsewu nazo zimakaniza, ndipo karenti ya mudzi wonse ikudutsamo. Pa mita pakakhala 215, m'shedi mufika 191.

Apa mpamene zipangizo zimasiyana khalidwe, ndipo kusiyanaku n'kofunika kukumvetsa. Ketulo ndi hita zimakaniza mofanana nthawi zonse, pafupifupi maomu 26 pa chipangizo cha mawati 2,000. Voliteji ikatsika, karenti yake imatsikanso. Pa mavoliti 200 ketulo imangopereka mawati pafupifupi 1,500, madzi amachedwa kuwira, basi, palibe chowonongeka. Mota ya makina opalira, ya pampu kapena ya firiji siitero. Iyo imayesetsa kuzunguza katundu wake pa liwiro lomwelo, ndipo voliteji ikachepa imakoka karenti yochuluka kuti ikwanitse. Karenti yochulukayo imatenthetsa mawaya opota a m'kati mwake, komanso imatsitsanso voliteji m'chingwe, zimene zimaichititsa kukoka yochulukanso. Anthu amadabwa kuti mota yapsa bwanji pamene moto unali wochepa. Yapsa chifukwa chomwecho.

Nthawi yoopsa kwambiri ndi poyatsa. Mota yotere ikamayamba kuzungulira imakoka karenti yoposa kasanu ya nthawi zonse, kwa kamphindi kochepa. Pa makina a maampeya 10 ndiye kuti pafupifupi 50, ndipo pa chingwe cha omu imodzi ndi theka mavoliti okwana 70 kapena kuposa amatsala m'njira. Zizindikiro zake n'zodziwika: mababu a m'shedi amathima pang'ono nthawi iliyonse mukayatsa makina, mota imang'ung'udza ndi kuchedwa kufika pa liwiro lake, ndipo nthawi zina imangolira osazungulira mpaka wina aikankhe ndi dzanja. Mota ikamalira osazungulira izimitseni nthawi yomweyo, chifukwa karenti yoyambira ija ikupitirira kuyenda ndipo masekondi ochepa ndi okwanira kuipsereza.

Mankhwala ake si buleka yaikulu, ndipo si kusintha mota. Ndi kuchepetsa kukaniza kwa njira. Tiyeni tiyese kukula kwina pa mtunda womwewo ndi maampeya 16 omwewo. Waya wa 2.5 amakaniza pafupifupi maomu 0.9 pa mamita 120, ndipo amataya mavoliti 14. Wa 4 amakaniza 0.55 ndipo amataya 9. Wa 6 amakaniza 0.37 ndipo amataya 6 okha. Mlingo umene amisiri ambiri amatsata ndi wakuti pa masoketi ndi makina mavoliti otayika asapitirire magawo asanu pa 100 alionse, amene pa 230 ndi mavoliti 11 ndi theka. Ndiye kuti wa 2.5, amene m'nyumba amakwanira bwino pa masoketi, pano walephera chifukwa cha mtunda. Wa 4 wakwana. Mmisiri woganiza za kuyatsa kwa mota, kapena za makina owotcherera zitsulo amene angabwere chaka chamawa, asankha wa 6. Ndi wodula, n'zoona, koma muyerekeze mtengo wake ndi wopotetsanso mota kawiri ndi mayunitsi atatu otayika tsiku lililonse.

Mukhoza kutsimikiza zonsezi popanda kukumba chingwe. Mmisiri ayeze voliteji m'shedi makina onse ali ozima, kenako ayezenso makina akugwira ntchito, ndipo achite chimodzimodzi pa bolodi ya m'nyumba. Ngati pa bolodi voliteji ikukhazikika koma m'shedi ikugwa, vuto ndi chingwe chanu. Ngati ikugwa ponse pawiri mofanana, vuto lili kunja, ndipo ndi nkhani yokanena ku ESCOM. Kuyeza popanda katundu sikuuza kanthu, chifukwa popanda karenti palibe mavoliti otayika, ndipo ngakhale kawaya koonda ngati ulusi kamaonetsa 230.

Chenjezo limodzi pa masamu a mota. Kugawa mawati ndi mavoliti kumapereka yankho lenileni pa zinthu zotentha, koma pa mota kumapereka nambala yochepa kuposa yeniyeni, chifukwa mawati olembedwa pa mota ndi amene imatulutsa pozungulira, ndipo imakoka karenti ina yongopangira maginito. Mota ya hosipawa imodzi ndi mawati 746, amene mukagawa ndi 230 mupeza maampeya 3.2, koma kachitsulo kake kawirikawiri kamanena 5 kapena kuposa. Khulupirirani kachitsulo. Za chigayo, chimene chimayendera mawaya amoto atatu a mavoliti 400, masamu ake ndi ena ndipo asiyireni mmisiri.

Palinso nkhani ya waya wachinyengo. M'misika mumapezeka zingwe zolembedwa 2.5 koma kopa wake ndi woonda, ndi zina za aluminiyamu wongopakidwa kopa pamwamba. Aluminiyamu amakaniza kuposa kopa ndi theka kapena kupitirira, ndipo masamu onse a pamwambawa amasokonekera. Palani kumapeto kwa waya ndi mpeni: mukaona kuyera pansi pa kufiira, si kopa ameneyo. Mpukutu wake umakhalanso wopepuka poyerekeza ndi weniweni.

Mfundo yosamanga bwino

Kukaniza koopsa kwambiri sikukhala m'chingwe chachitali, koma pa malo amodzi aang'ono: sikuluwu ya m'soketi imene yamasuka, mawaya awiri ongopotokola n'kukulunga ndi pepala la pulasitiki, kapena mfundo imene yachita dzimbiri ndi nkhungu ndi mame a kumapiri kuno. Mfundo yotere itakaniza theka la omu lokha, pa maampeya 10 imatulutsa mawati 50. M'chingwe cha mamita 60 mawati 50 amamwazikana osamveka, koma pa malo aakulu ngati nsonga ya chala ndi okwanira kusungunula pulasitiki ndi kuyatsa fumbi la matabwa. Kutenthako kumawonjezera dzimbiri, dzimbiri limawonjezera kukaniza, ndipo zimangoipiraipira.

Fyuzi ndi buleka sizingaone zimenezi, chifukwa karenti sinapyole malire. Amene angaone ndi inu. Soketi yoderako kapena yakuda m'mbali mwa bowo, pulagi yotentha mukaigwira mutagwiritsa ntchito ketulo, fungo ngati la nsomba kapena la pulasitiki wopsa, kaphokoso kothetheka, babu lophethira mukagwedeza chingwe: chimodzi mwa izi chikaoneka, zimitsani pa bolodi ndipo soketiyo isagwirenso ntchito mpaka itakonzedwa.

Mavoliti 12 si masewera

Mabanja ambiri amene nthambo za ESCOM sizinawafike amagwiritsa ntchito sola ndi batire, ndipo ena amaganiza kuti poti mavoliti ndi ochepa, kawaya kalikonse n'kokwanira. Lamulo la mphamvu likunena zosiyana. Katundu wa mawati 600 pa mavoliti 230 amakoka maampeya 2.6. Katundu yemweyo akamachokera ku batire la mavoliti 12 kudzera mu inveta, waya wa pakati pa batire ndi inveta amasenza maampeya 50, ndi ena owonjezera otayika mu inveta momwemo. Waya ameneyo ayenera kukhala wonenepa, wamfupi, womangidwa zolimba, ndiponso wokhala ndi fyuzi pafupi ndi batire. Batire silingakugwireni nyesi mukakhudza mitu yake ndi manja, koma sipanala ikagwera pa mitu yonse iwiri imadutsitsa maampeya mazanamazana n'kufiira ngati khala.

Mfundo yomweyi, mukaitembenuza, ndiyo imafotokoza chifukwa chake magetsi ochokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire, kapena ku malo opangira magetsi a dzuwa a ku Golomoti m'boma lomwe lino, amayenda pa mavoliti zikwizikwi m'nthambo zikuluzikulu. Voliteji ikakwera, mphamvu yomweyo imayenda ndi karenti yochepa, ndipo zotayika m'njira zimachepa. Thiransifoma ya pa mtengo ndiyo imaitsitsa kuti ilowe m'nyumba.

Thupi la munthu nalo ndi njira

Chimene chimapha munthu ndi karenti yodutsa m'thupi, ndipo siifunika yambiri. Maampeya 0.03, amene amalembedwanso 30mA, akadutsa pachifuwa kwa kanthawi angathe kuumitsa minofu kuti munthu alephere kusiya chimene wagwira ndi kumulepheretsa kupuma, ndipo yoposa pamenepo imasokoneza mtima. Kuchuluka kwa karenti yodutsayo kumadalira kukaniza kwa thupi. Khungu louma limakaniza kwambiri, n'chifukwa chake wina amagwidwa nyesi n'kungodzidzimuka. Koma munthu wa manja onyowa, wopanda nsapato, woima pa simenti yachinyezi kapena m'dimba pafupi ndi pampu, thupi lake lingakanize maomu pafupifupi 1,000 okha. Gawani 230 ndi 1,000 ndipo mupeza maampeya 0.23, kuposa kasanu ndi kawiri mlingo woopsa uja. Soketi ndi yomweyo, mavoliti ndi omwewo. Chasintha ndi kukaniza.

Buleka ya maampeya 20 siingagwe chifukwa cha maampeya 0.23. Zimene zimateteza munthu ndi zina ziwiri. Choyamba ndi waya wachitatu, wobiriwira ndi chikasu, amene amalumikiza chitsulo chakunja cha chipangizo ndi nthaka. Waya wamoto akakhudza chitsulo cha makina, waya ameneyu amapereka njira yosakaniza, karenti yaikulu imayenda nthawi imodzi, ndipo fyuzi kapena buleka imadula magetsi munthu asanagwirepo. Chingwe cha mawaya awiri okha chopita ku shedi ya makina achitsulo chimasiya ntchito imeneyo m'manja mwa thupi la woyamba kukhudza. Chachiwiri ndi buleka yapadera imene pa bolodi imalembedwa RCD kapena ELCB, yokhala ndi nambala 30mA ndi kabatani koyesera. Iyo imayerekeza karenti yopita ndi yobwerera, ndipo zikasiyana imadziwa kuti ina yathawira kwina, mwina m'thupi la munthu, n'kudula msanga. Dinani kabataniko miyezi ingapo iliyonse. Ikapanda kugwa, yafa, ndipo isinthidwe. Ikamagwa yokha nthawi ya mvula, musaichotse: penapake madzi alowa m'chingwe, m'soketi yakunja kapena m'pampu, ndipo malowo afufuzidwe.

Wina akagwidwa nyesi musamukoke ndi manja. Zimitsani pa bolodi, kapena mumulekanitse ndi chipangizocho pogwiritsa ntchito mtengo wouma, kenako mupite naye kuchipatala ngakhale akuoneka kuti ali bwino.

Musanaitane mmisiri

Masamu awa sakukupatsani chilolezo choyala nokha mawaya. Ntchito yoika mawaya m'nyumba kapena m'shopu yolumikizidwa ku ESCOM imayenera kugwiridwa ndi mmisiri amene ali ndi chiphaso cha bungwe la MERA, ndipo muli ndi ufulu womupempha kuti akuonetseni chiphasocho. Mita ndi nthambo zofika pa mita ndi za ESCOM, ndipo kuzigwiragwira kapena kulumikiza mozemba ndi mlandu.

Chimene mungachite nokha ndi kukonzekera. Lembani papepala chipangizo chilichonse chimene muli nacho ndi chimene mukufuna kugula, ndi mawati kapena maampeya olembedwa pa kachitsulo kake. Ikani chizindikiro pa zimene zidzayake nthawi imodzi, poganizira madzulo a mwezi wozizira kwambiri ndi tsiku lotanganidwa kwambiri la m'shopu. Yezani mtunda kuchokera pa mita kufika pa shedi potsata njira imene chingwe chidzadutse, osati mowongoka. Mmisiri akabwera, mumufunse kukula kwa waya amene aike pa njira iliyonse, buleka imene autetezere, ndi mavoliti amene atayike makina onse akamagwira ntchito. Kawirikawiri mababu amayendera waya wa 1.5 ndi buleka ya maampeya 6 kapena 10, masoketi waya wa 2.5, ndipo kuka imakhala ndi njira yakeyake ya waya wa 6. Ngati wanena kuti buleka ikugwagwa ndiye aikepo yaikulu pa waya yemweyo, mumufunse kuti wayayo amapirira maampeya angati.